Mwezi wachisanu ndi chiwiri: safiro wabenthuka, galasi la minerolo ladzaza zokanda

Papita miyezi 7 chiyambireni kuvala mosinthanitsa mawotchi awiri ofanana, ndipo tsopano ndili ndi zokwanira zoti ndilembe. Onse awiri anabwera ndi galasi la minerolo, lomwe ndi galasi wamba lolimbitsidwa, lophwatalala, la mamilimita 30 m'mimba mwake ndi mamilimita 1.5 kuchindikala. Imodzi ndinaisiya mmene inalili, pamene inayo ndinaichotsa galasi n'kuikamo la safiro, mwala wolimba woonekera ngati galasi, kuti ndione ndi maso anga chimene chimachitika magalasi awiriwa akamakhala padzanja la munthu mmodzi amene amapalasa njinga, kuchapa ndiponso kugwiragwira m'dimba.

Galasi la minerolo silinachedwe kuonetsa ukalamba. Pofika mwezi wachiwiri linali ndi timizere topyapyala toonekera pokhapokha wotchiyo ndikaipendeketsa padzuwa, ndipo posachedwapa, nditayang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu, ndinawerenga zokanda 14, ziwiri mwa izo zakuya moti chikhadabo chimakodwamo. Poyamba ndinkaganiza kuti olakwa ndi makiyi a m'thumba, koma nditatenga galasi lakale limene ndinachotsa pa wotchi inayo n'kulikanda ndi kiyi mwamphamvu, silinasinthe. Nditalipukuta ndi kansalu kamene kanali ndi timchenga, linakandika nthawi yomweyo.

Chifukwa chake chili pa muyeso wa kulimba kwa miyala umene Friedrich Mohs anakonza mu 1812, umene umangotiuza kuti ndi chiti chingakande chinzake. Pa muyesowu galasi la minerolo lili pakati pa 5.5 ndi 6, mwala wa kwatsi uli pa 7, safiro ali pa 9, ndipo dayamondi ali pa 10. Mchenga wambiri ndi tizidutswa ta kwatsi, ndiye kuti fumbi la m'chilimwe limene limamatirira pamkono wa malaya ndi lolimba kuposa galasi la minerolo, koma ndi lofewa poyerekeza ndi safiro. Ine ndinali ndi chizolowezi chopukuta wotchi ndi m'mphepete mwa malaya, osadziwa kuti ndikuikwecha ndekha tsiku ndi tsiku. Tsopano ndimayamba ndauzira fumbi ndi kupukuta ndi kansalu konyowa.

Safiroyo sanakumbidwe pansi ayi. Ndi okusaidi wa aluminiyamu amene amasungunulidwa pa kutentha koposa madigiri 2,000 kenako n'kuumitsidwa kukhala mwala umodzi, njira imene Auguste Verneuil wa ku France anailengeza mu 1902. Pamwamba pake sindinapezepo chokanda ngakhale chimodzi, ngakhale kuti mwezi wachitatu ndinachita mantha nditaona mzere wotuwa umene unabwera nditakhula wotchiyo pa felemu la windo. Mzerewo unachoka nditaupaka labala yofufutira pensulo, chifukwa sichinali chokanda koma aluminiyamu wa felemulo amene anapalika n'kutsalira pagalasi. Amene angaone mzere wotero ayambe wayesa kufufuta asanadandaule.

Koma kusakandika ndi kusasweka ndi nkhani ziwiri zosiyana, ndipo ichi ndachiphunzira sabata yatha. Ndinkanyamula ndowa pa mjigo, dzanja n'kugunda pakona pa simenti, ndipo sikunali kugunda kwamphamvu kwenikweni. Nditayang'ana ndinapeza kuti m'mphepete mwa safiro, cha pa nambala 4, mwabenthuka kachidutswa kofanana ndi njere ya mpunga yothyoka pakati, ndipo kuchokera pamenepo panali mng'alu waufupi wolowera chapakati.

Cholakwa chinali changa, ndipo ndinachichita tsiku logula. Ndinaitanitsa safiro wochindikala mamilimita 2.0 m'malo mwa 1.5, poganiza kuti chochindikala ndicho cholimba. Maganizowo ndi oona ngati nkhonya yagwera pakati pa galasi, koma mpando wa galasi m'wotchiyi unapangidwira mamilimita 1.5, kotero theka la milimita linatsala pamtunda, litatulukira pamwamba pa mkombero wachitsulo umene umayenera kulitchinga. M'mphepetimo munalinso mwakuthwa, mosasongoledwa. Safiro ndi wouma pafupifupi kasanu kuposa galasi wamba, ndiye safuna kupindika ngakhale pang'ono, ndipo mphamvu yonse ya kugundako inathera pa kansonga kamodzi kamene kanalibe kothawira.

Anthu okonda mawotchi amakonda kunena kuti safiro amasweka msanga ndipo minerolo imapirira. Ine ndikuona kuti mawuwa amafupikitsa nkhani mopitirira. Wotchi ya minerolo inagundanso kangapo osasweka, inde, koma galasi lake lili mofanana ndi mkombero, moti chitsulo ndicho chinkalandira nkhonya zambiri. Komanso zokanda ziwiri zakuya zija si zongoipitsa maonekedwe. Munthu wodula magalasi a mawindo amayamba wakanda mzere umodzi, kenako amangopanikiza pang'ono galasi n'kuthyoka motsatira mzerewo, ndipo chimodzimodzinso galasi la wotchi lokandika kwambiri limakhala litafooka kale pamalo amenewo. Kusiyana kumene ndingakuikire umboni n'kwakuti minerolo imawonongeka pang'onopang'ono mwini wake akuona, pamene safiro amakhala ngati watsopano mpaka tsiku limene wabenthuka.

Nditaona mng'alu uja ndinakoka kachitsulo kotchera nthawi kuti mivi iime, popeza tizidutswa ta safiro tikagwera mkati timakanda nkhope ya wotchi ndi mivi yomwe ikamazungulira, ndipo tikafika m'magiya vuto limakula. Ndinatsegula kumbuyo, ndinatulutsa makina onse n'kuwavundikira ndi tambula, ndipo ndinakankha galasi kuchokera mkati ndi chida chopanikizira. Gasiketi yapulasitiki yozungulira galasi ndinaitaya, chifukwa ikapanikizidwa kamodzi sibwereranso bwino mwakale ndipo ingalowetse madzi.

Safiro wobenthukayo sindinamutaye, ndinamuyesa pamodzi ndi galasi lakale la minerolo. Singano sinamukande, mchenga wa kumtsinje sunamukande, koma sandipepala wakuda uja wokwechera ndi madzi anasiya timizere tooneka bwino, popeza mchenga wake ndi silikoni kabaidi, amene amaposa safiro pang'ono pa kulimba. Choncho wogwira ntchito ndi gulayinda kapena mwala wonolera azivula wotchi, kaya galasi lake ndi lotani. Ndinayesanso njira yodontheza madzi imene ambiri amaitama pozindikira safiro, ndipo dontholo linaunjikanadi pa safiro n'kumwazika pa minerolo, koma nditagwira minerolo ndi chala chamafuta dontho linaunjikananso, moti njirayi sindikuidalira. Sikelo yaing'ono inandiuza zomveka, chifukwa safiro amalemera pafupifupi magalamu 4 pa kiyubiki sentimita, pamene galasi limalemera pafupifupi 2.5.

Zokanda za minerolo ndinayesa kuzichotsa ndi ufa wa seriyamu okusaidi kwa ola lathunthu. Timizere topyapyala tinazimiririka, koma ziwiri zakuya zija zilipobe, ndipo pamalo pamene ndinakwecha kwambiri manambala ayamba kuoneka opindika. Ndaona kuti n'kwanzeru kungogula galasi lina, popeza mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa safiro.

Safiro watsopano wafika dzulo, wa mamilimita 30 ndi 1.5, wosongoledwa m'mphepete, wokhala ndi utoto wochepetsa kunyezimira kunsi kokha, chifukwa utotowo ndi wofewa kuposa safiro ndipo ukakhala kunja umakandika. Ndamuyeza ndi kalipa, chida choyezera kukula ndi kuchindikala, m'malo atatu ndipo miyeso yagwirizana. Gasiketi yatsopano ndiyo sinafike, choncho makina adakali pansi pa tambula.