Mabokosi 18, nambala imodzi

Lolemba ndi Lachiwiri zinali zathu zomwe zija: netiweki ya ku akaunti, malaputopu okana kuyaka, mapasiwedi oiwalika a kumapeto kwa mwezi. Zimenezo anzanga a ntchito ya makompyutayi mumazidziwa. Chandikhazika pansi kulemba ndi tona wa Lachitatu, ufa uja wosindikizira m'pulinta, chifukwa mpaka pano mtima sunatsike.

Ofesi yathu ina ya kumpoto idalandira mabokosi 24 a tona wa HP 85A, uja pabokosi amalemba CE285A, wa mapulinta a P1102 ndi M1132 omwe adakali mbwee m'maofesi athu a m'maboma. Ine ndimakhala ku Lilongwe, ndipo ndalama ya mafuta yoti ndizipita kukaona katundu ndi maso idachotsedwa kalekale m'bajeti. Kuyendera kwanga tsopano ndi zithunzi za pafoni. Akalaliki a kusitolo kumeneko, mayi achikulire omwe sasayinira chinthu asanachigwire, adanditumizira chithunzi chimodzi cha mabokosi atasanjikizana, n'kulemba kuti, “Achimwene, taonani. Maonekedwe ake sakundisangalatsa, koma chomwe chalakwika sindikuchiona.”

Chithunzi chotere sichithandiza. WhatsApp imafinya zithunzi, ndipo timalemba tating'ono timene ndikufunato ndi timene timayamba kufufutika. Ndidawapempha atulutse mabokosi pakhonde, pamthunzi, azimitse kuwala kwa kamera, ajambule sitika ya bokosi lililonse payokha ali pafupi, kenako atumize posankha Document osati Gallery. Zikabwera choncho ndimatha kuzikuza pakompyuta mpaka kuona timadontho ta inki.

Ndimayambira pa sitika chifukwa ndi yomwe imagwiritsa wakuba msanga. Pabokosi la tona weniweni wa HP pamakhala sitika yonyezimira yomatidwa modutsa kamzere kong'ambira bokosi, kuti munthu asatsegule osaiduladula. Ili ndi timalemba ta OK ndi tizizindikiro tochongera, QR khodi, ndi nambala yakeyake. Ukaipendeketsa cham'tsogolo ndi cham'mbuyo, ma OK ndi zochongerazo zimayenda mosemphana. Ukaipendeketsa cham'mbali, zimayendera limodzi. Maonekedwe a sitikayi akhala akusintha m'zaka zapitazi, choncho sindidalira mtundu wake wokha. Koma kuyendako chithunzi sichingakuonetse, pamafunika kavidiyo ka masekondi ochepa. Mayiwo adajambula. Sitikayo inkang'anima ndithu dzuwa likaigunda, koma malemba adangoti njo, osasuntha.

Pamenepo ndinali ndisanakhutire, poti dzanja likamanjenjemera vidiyo imanamiza. Chomwe chidamaliza nkhani ndi manambala. Ndidaika zithunzi zonse pamzere n'kuyamba kukopera nambala ya sitika iliyonse. Yoyamba, yachiwiri, yachitatu, zonse nambala imodzimodzi, mpaka mabokosi 18. Nambala imeneyi imayenera kukhala ya bokosi limodzi basi. Opanga zafeki amatenga sitika imodzi yeniyeni n'kuisindikiza kambirimbiri, ndiye ukangoyesa bokosi limodzi pa hp.com/go/ok kapena kusikana QR khodi, mwina ungalandire yankho lokutonthoza. N'chifukwa chake ndimakana anthu akamati “tayesa limodzi, lili bwino.” Bokosi limodzi silingakuuze kuti lili ndi amapasa 17.

Kusindikiza kwa mabokosi 18 amenewa kudangowonjezera umboni. Ndili ndi bokosi lenileni lomwe ndimasunga m'kabati, logulidwa kwa wogulitsa wovomerezeka, ndipo ndimalijambula ndi foni mofanana kuti ndiyerekeze. Pa lenileni malemba ang'onoang'ono a m'mbali amakhala akuthwa ngakhale uwakuze bwanji. Pa awa m'mphepete mwa zilembo munali ubweyaubweya, ndipo pa chithunzi cha katiriji, chotengera tonacho, pankaoneka timafunde topingasana, tomwe timabwera munthu akasikana chinthu chosindikizidwa kale n'kuchisindikizanso. Mizere ya bakhodi ina idakhuthala mpaka kutsala pang'ono kukhudzana. Za mtundu ndimasamala nazo: buluu wa pabokosi amasintha ndi foni komanso nthawi ya tsiku, moti sindingatsutse katundu chifukwa choti mtundu wafuwirira pachithunzi. Koma kuthwa kwa zilembo sikusintha ndi dzuwa.

Mabokosi 6 otsalawo ndi omwe adanditopetsa. Manambala onse osiyana, zilembo zakuthwa, ma OK akuyenda bwinobwino pavidiyo. Mabokosiwo anali enieni. Koma bokosi lenileni silitanthauza tona weniweni, monga botolo la chakumwa cha m'sitolo silikana kuthiridwa thobwa. Anthu amagula mabokosi ndi makatiriji otha m'maofesi mwathu momwemu, nthawi zina kwa amesenjala omwe sadziwa n'komwe kuti zikupita kukatani. Ndidapempha zithunzi za mbali zonse ziwiri zomwe bokosi limatsekera. Mbali ya sitika inali yosakhudzidwa. Mbali inayo ndiyo idaulula: pepala la katoni lidasupuka pang'ono pomwe mpeni udadutsa, ndipo guluu wouma adatuluka m'mphepete ngati kamkanda konyezimira. Adatsegulira kumbuyo kuti sitika isaduke.

Kuti titsegule limodzi padafunika chilolezo, poti sapulaya akhoza kukana katundu wotsegulidwa. Woyang'anira ofesiyo adavomera, ataima pomwepo ngati mboni, mayiwo akujambula kuyambira bokosi lili chitsekere.

Ndidati ayambe ndi kachipu. Pa 85A n'kabolodi kakang'ono, kosaposa chikhadabo, kokhala ndi timalata tiwiri tagolide, kolowetsedwa m'kampata kapulasitiki. Katiriji ikalowa m'pulinta, timawaya ta m'katimo timakanda timalatato n'kusiya timizere. Pa yathuyi timalata tinali tosalala, tatsopano, moti wongoona mothamanga akadati zili bwino. Koma pakamwa pa kampatako pulasitiki inali yodulidwa ndi mpeni, yoyererako podulidwapo, ndipo pakona panali dontho la guluu wotentha. Kufakitale kachipu kamatsekerezedwa ndi pulasitiki yomweyo, mwaudongo. Apa munthu adachotsa kakale n'kuikapo kena kogula padera, kuti pulinta iziwerenga ngati katiriji yodzaza. Choncho umboni uli pawiri. Kachipu kokandika kakutanthauza kuti katiriji idagwirapo ntchito. Kachipu kosalala pampando wovulala kakutanthauza kuti kadasinthidwa. Ndipo musamadalire kwambiri uthenga wa pulinta. Ikalemba “Used or counterfeit” kapena “Non-HP supply”, khulupirirani. Ikakhala chete, sindiye kuti yakuyeretserani katunduyo, chifukwa tichipu tina timatengera tenitenito mpaka pulinta osazindikira.

Kenako kachingwe kotsekera tona. Katiriji yatsopano ya 85A imabwera ndi kogwirira kofiirira ngati lalanje m'mbali mwake, ndipo ukakakoka kamatulutsa riboni yaitali yomwe imatsekereza ufa kuti usafike ku rola katiriji ikadali paulendo. Wothira ufa kuseri kwa shopu savutika kubwezeretsa riboni imeneyi, poti pamafunika kugawa katiriji pawiri. Pa yathuyi kogwirirako kanalipo, koma mayiwo atakoka kadangothothoka ndi kachidutswa kosatalika ngati chala. Kadangomatidwa kuti maso aone. M'thumba lomwe katiriji idakulungidwamo munali fumbi lakuda m'makona, ndipo mitu ya masikuluu a m'mbali inali yonyezimira pomwe sikuludiraiva idaterereka.

Pano ndichenjeze, chifukwa ndamvapo anzathu akubweza katundu wabwino. Makatiriji atsopanowa monga 26A ya M402 ndi 59A ya M404 alibe kachingwe kokoka ndi dzanja, pulinta imachotsa yokha chotsekeracho. Ndipo 12A yakale ija ilibe kachipu ngakhale ikhale yeniyeni. Uyenera kudziwa katiriji yomwe wagwira usanayambe kusaka chomwe chikusowa. Mtundu wa dilamu, rola yopereka ufa papepala, nawonso sindiuwerengera ngati umboni paokha. Ndimangoyang'ana ngati pali mizere yozungulira yosonyeza kutha.

Ndinene poyera kuti tona wothiridwanso ndilibe naye chidani. Pali anyamata omwe amagwira ntchitoyi bwino, amasintha dilamu ndi buledi, amalemba pabokosi lawolawo kuti ndi wothiridwanso, mtengo n'kukhala wake. Ndalama zakunja zikamavuta chonchi, ofesi ikhoza kusankha zimenezo maso ali tseguke. Chomwe chimandinyansa n'kulipira dzina la weniweni n'kulandira ufa wosadziwika kochokera. 85A weniweni amawerengeredwa masamba pafupifupi 1,600 pa muyeso wa ISO/IEC 19752, womwe tsamba lake loyesera limadetsedwa pang'ono chabe, cha m'ma 5 peresenti. Tona wa gulu ngati ili ndamuonapo akuyamba kufuwa limu yachiwiri isanathe, kwinaku akudontheza ufa m'pulinta.

Lachinayi m'mawa ndidakwera ndi lipoti kwa abwana a zachuma, zithunzi zili m'ndondomeko, manambala ofanana nditawazunguliza. Adaliwerenga mpaka kumapeto, ndiwayamikire pamenepo. Kenako adati, “Koma akulu, mukudziwa kuti tidalipira kale?”

Sapulaya adati alibe ndalama yoitanitsira katundu, ndiye adapatsidwa zonse katundu asanafike. Komiti yogula zinthu idaona makotesheni atatu n'kutenga wotsikitsitsa, yemwe mtengo wake unali pafupifupi theka la enawo. Palibe adafunsa kuti munthu angagulitse bwanji tona weniweni motchipa kuposa momwe iye angamugulire. Ife a makompyuta m'komitimo mulibe mpando wathu. Amatiitana katundu akafika, kapena pulinta ikafa. Ndakhala ndikupempha zinthu ziwiri zosafuna ndalama: kuti pa oda pazilembedwa kuti sapulaya abweretse kalata yosonyeza komwe amapikula, ndi kuti atumize zithunzi za masitika asanakweze katundu pagalimoto. Yankho limakhala loti ndikuchedwetsa ntchito. Chidandipweteka kwambiri n'chakuti funso lachiwiri la abwana linali lofuna kudziwa chifukwa chomwe mayi a kusitolo adakanira kusayinira chikalata cholandirira katundu, poti mabuku a mwezi akudikira kutsekedwa. Munthu yekhayo amene adagwira ntchito yake pankhani yonseyi ndiye akufunsidwa mafunso.

Sapulaya atamuimbira adati naye adapusitsidwa ndi omwe adamugulitsa. Mwina n'zoona, amalonda ambiri ang'onoang'ono sadziwa kusiyanitsa. Walonjeza kusintha, tsiku sadatchule.

Lachisanu lidatha ndi kukhazikitsa pulogalamu yoteteza makompyuta pa makina a alendo ndi kuthamangitsana ndi jenereta. Chakumadzulo abwana adandiimbira kufunsa ngati 6 aja, poti mabokosi ake ndi enieni, sitingayambe tawagwiritsa ntchito podikira. Ndidawauza kuti tikangolowetsa imodzi m'pulinta, sapulaya adzati tidalandira katundu, ndipo ufa ukatayikira pa fyuza ya P1102, chotenthetsa chomatira ufa papepala, kukonza kwake kudzachokera m'bajeti yanga, osati yawo. Ndatumiza kumpoto makatiriji awiri enieni omwe ndinali nawo m'kabati, pa basi ya usiku, kuti malipoti a mwezi atuluke. Mabokosi 24 aja mayiwo awatsekera m'kabati yachitsulo, makiyi ali nawo okha.