Mamita 40 a Thuchila anatitalikira Lachinayi

Sabata yathayi ndinali ndi achinyamata 12 a m'makomiti a ngozi za m'midzi, kuwaphunzitsa kuwoloka mtsinje ndi kupulumutsa munthu m'madzi. Chichokereni namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, maphunziro otere achuluka kuno ku Mulanje, koma zipangizo ndiye ayi. Tinali ndi majekete oyandamitsa anayi, chingwe choponya chimodzi, ndipo wotchi inali ya pafoni yanga.

Lolemba ndi Lachiwiri tinali pa damu, madzi odekha, kuyesa liwiro la aliyense atavala jekete. Wamphamvu kuposa onse ankatha mamita 40 m'masekondi 50, kutanthauza mamita 0.8 pa sekondi. Lachitatu tinapita kukaona malo owolokera pa Thuchila, pomwe mtsinje ndi wotambalala mamita 40 omwewo. Ndinaponya botolo lothira madzi theka pakati pa mtsinje, likuyenda mamita 20 m'masekondi 40. Madzi ndiye ankathamanga mamita 0.5 pa sekondi.

Anzanga mukudziwa kuti pamenepa pali njira ziwiri. Ukaloza mutu tsidya n'kumasambira osalimbana ndi madzi, nthawi sisintha, ndi masekondi 50 omwe aja, koma madzi amakutsitsa nthawi yonseyo. 0.5 kuchulukitsa ndi 50, ukatulukira mamita 25 kumunsi. Ukafuna kukafika penipeni moyang'anizana ndi pomwe wayambira, uyenera kupendekera kumtunda, ndipo mphamvu zina zimathera pobweza madzi. Liwiro lopita tsidya limatsala `√(0.8² − 0.5²)`, pafupifupi 0.62, ndiye ulendo ndi wa masekondi 64. Ndinalemba zimenezi m'kope, n'kusankha njira yachiwiri chifukwa kumunsi kwa doko la tsidya kuli bango ndi mtengo wogwera m'madzi.

Usiku wa Lachitatu mvula inagwa kuphiri. Kwathu kuno sikunadonthe, koma m'mawa madzi anali atasanduka ofiira, atanyamula zinyalala, ndipo mwala umene ndinaikapo chikwama dzulo lake unali utamira. Ndinati tiyezenso. Bwana ochokera ku ofesi anali atabwera ndi alendo ojambula, galimoto ikuyenera kubwerera isanakwane 12 koloko.

"Aphunzitsi, si munayeza kale dzulo? Masekondi 64, zili m'kope mwanumo."

"Bwana, amenewo anali madzi a dzulo."

Anatola kamtengo n'kuponya m'mphepete, pamapazi pawo pomwe, kakuyenda mwaulesi. "Mwaona? Palibe chasintha." M'mphepete madzi amakhuzana ndi gombe ndi udzu, nthawi zonse amachedwa, mkokomo umakhala pakati, ndipo pokhota umakhala kunja kwa khonalo. Ndinawauza zimenezi, koma ndivomere, sindinaumirire mokwanira. Ndinangoimika munthu wa chingwe kumunsi n'kulola mnyamata wamphamvu uja kulowa.

Mamita 10 oyamba anayenda bwino. Atayandikira pakati ndinaona mikono ikupalasa koma mtengo wa mango umene ndinkamuyezera tsidya sunkasuntha kumbuyo kwake. Munthu akamasambira koma osasendera poyerekeza ndi chinthu choima, dziwani kuti mphamvu zake zonse zikudyedwa ndi madzi. Wotchi inadutsa 64 iye asanathe theka. Pa 90 mutu unayamba kudzuka pafupipafupi, miyendo ikumira. Ndinakuwa kuti, "Achimwene, siyani kulimbana nawo, lozani tsidya!" Anamva, madzi anamutenga, ndipo chingwe chinamupeza pang'ono asanafike pa mtengo wogwa uja. Chikanaphonya, china choponya panalibe.

Atatuluka, akusanza madzi, ndinaponya botolo langa pakati. Mamita 20 m'masekondi 28. Ndiye kuti 0.714 pa sekondi. Kuona ndi maso, kusiyana kwa 0.5 ndi 0.714 n'kochepa, koma ikani m'masamu aja: liwiro lopita tsidya limatsika kufika 0.36, ulendo wa masekondi 64 n'kukhala wa 111. Ndipo izi zikutengera kuti munthu asatope. Liwiro lake likangotsika kufika 0.7, lafanana ndi la madzi, ndipo doko lija sadzalifika ngakhale atasambira mpaka madzulo. Chondiwawa n'chakuti akanayambira mamita 36 kumtunda, mutu ataloza tsidya, madzi omwewo akanamutula padoko m'masekondi 50 basi. Kuyeza kukanatitengera mphindi zosakwana zisanu.

Lachisanu tinabwerera pa damu, ndipo aliyense anaphunzira kuponya botolo katatu pakati n'kutenga nthawi yofulumira kwambiri. Mnyamata uja anabwera, koma jekete anakana kuvula ngakhale pa nkhomaliro. Lipoti ndalemba, ndapemphanso zingwe zitatu. Bwana ayankha kuti zithunzi zinatuluka bwino, za zingwe tidikire bajeti ya chaka chamawa.