Bimu yotulukira kunja: mbali ya A ikungonyamula 2 kN

Sabata ino ndafika pa mabimu amene mbali imodzi imapitirira posanja n'kumalendewera. Funso landipeza pa foni: mphwanga amene akuphunzira za uinjiniya ku MUBAS, ku Chichiri, anajambula tsamba la buku la sitatikisi n'kunditumizira kuti tiyesane mitu.

Funsolo lili motere. Bimu ndi yotalika mamita 6, kuchokera pa A mpaka pa C. Pa A pali pini. Pa B, mamita 4 kuchokera pa A, pali rola, ndipo mamita 2 otsalawo akulendewera. Pakati pa A ndi B pali katundu woyalidwa mofanana, 3 kN pa mita iliyonse. Kunsonga, pa C, pali mphamvu ya 10 kN yobwera chopendekera, kuloza pansi komanso cha ku A, ndi kamakona atatu ka 3, 4, 5 pambali pake, 4 ali choimirira. Kulemera kwa bimuyo akuti tisawerengere.

Tsamba linapindika pojambula, ndiye ndinachita kukuza chithunzi ndi zala kuti ndione bwino pa B. Pansi pa kamakona atatu kaja panali timipira tiwiri. Timipirato ndi timene timasiyanitsa rola ndi pini. Rola imakankha moimirira basi, chifukwa bimu ikafuna kutsetsereka cham'mbali siiletsa. Pini imagwira mbali zonse ziwiri, koma imalola bimu kuzungulira. Choncho zosadziwika ndi zitatu: Ax yam'mbali pa A, Ay yoimirira pa A ndi By yoimirira pa B, zolingana ndi masamu atatu amene sitatikisi imatipatsa. Pa B pakanakhalanso pini, zikanakhala zinayi, ndipo sitatikisi yokha sikanatha kugawa mphamvu yam'mbali.

Kwa ine ntchito yeniyeni ili pa FBD, chojambula cha bimu payokha ndi mphamvu zonse zoigwira. Zotsalazo ndi kuwonkhetsa chabe. Ndinajambula bimu yokha ngati mzere, osasiyapo pini kapena rola, ndipo pamalo pake ndinaika mivi: Ay ndi By kuloza m'mwamba, Ax kuloza kumanja. Katundu woyalidwa uja ndinamusonkhanitsa kukhala muvi umodzi wa 12 kN. Muviwu umakhala pakati pa malo amene katunduyo wayalidwa, mamita 2 kuchokera pa A, osati pakati pa bimu yonse pa mamita 3. Apa ambiri amaterereka chifukwa diso limathamangira pakati pa mzere. Mphamvu ya pa C ndinaigawa pawiri: 8 kN yotsika ndi 6 kN yoloza kumanzere.

Momenti, kapena kuti mphamvu yozungulitsa, ndinaitengera pa A kuti Ax ndi Ay zichokemo nthawi imodzi. 6 kN ija nayonso ilibe momenti pa A, popeza mzere wake ukudutsa pa A pomwepo.

```
ΣM_A = 0:  4·By − 12(2) − 8(6) = 0  →  By = 18 kN
ΣFy = 0:   Ay + 18 − 12 − 8 = 0     →  Ay = 2 kN
ΣFx = 0:   Ax − 6 = 0               →  Ax = 6 kN
```

Potsimikiza, kuwonkhetsanso mphamvu zoimirira n'kungodzinamiza, chifukwa By ikalakwika, Ay imalakwika moitsatira ndipo zimakwanabe 20. Ndinatenga momenti ina pa B: 12(2) − 8(2) − 4·Ay. Zikupereka 24 − 16 − 8, imene ndi 0. Pamenepo mtima unakhala m'malo.

Chimene chandigwira mtima ndi 2 kN ya pa A. Pakanapanda mphamvu ya kunsonga, A ndi B zikanagawana 12 kN ija, 6 uku 6 uku. Koma katundu wa pa C akupanikiza mbali yolendewera, bimu n'kumafuna kuzungulira pa B ndi kunyamuka pa A. Amene anakhalapo kunsonga kwa benchi pamaliro, anzake n'kudzuka onse pamodzi, akuzidziwa zimenezi. Momenti ya pa B ija imatipatsa Ay = 6 − P/2, pamene P ndi gawo lotsika la mphamvu ya pa C. P ikafika 12 kN, kutanthauza kuti mphamvu yopendekerayo yafika 15 kN, A sakunyamulanso kanthu moimirira. Yopendekerayo ikafika 20 kN, P ndi 16 ndipo Ay ikutuluka −2 kN. Mainasiyo sikulakwa kwa masamu ayi. Akungotiuza kuti muvi ukuloza pansi, pini ikukoka bimu kuti isanyamuke. Pini ingathe kutero, koma bimu yongosanjika pakhoma popanda choimangirira ingatukuke.

Ndayamba kale gawo lotsatira. Pamwamba pa B momenti yopinda bimu ndi 8 × 2, kutanthauza 16 kNm, ndipo ikupinda bimu mokhotetsa msana m'mwamba, moti mbali yokokeka ndi yapamwamba. N'chifukwa chake makhonde a konkire olendewera, ngati amene ali kutsogolo kwa mashopu ku Limbe, zitsulo zake zikuluzikulu zimayenera kukhala kumtunda kwa silabu. Loweruka ndijambula dayagiramu ya momenti ya bimu yonse kuti ndipeze pamene kupindikako kukutembenukira pakati pa A ndi B. Powerengera mwachangu ndikupeza pafupifupi mamita 1.33 kuchokera pa A.