Mmene ndinatukwanira munthu wosalakwa chifukwa cha mapanelo anga

Ine mapanelo anga a sola ndi anayi, lililonse la mawati 400, ndiye masamu ake ngosavuta, 1600. Tsono tangoganizani dzuwa lili paliwombo, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe, ine kuyang'ana pa kontirola, kabokosi kamene kamalandira moto wa mapanelo nkuupititsa ku batire, nkupeza 500. Ndinagogoda kagalasiko ndi chala ngati mwina kagona tulo, koma 500 yomweyo. Batire silinadzaze ayi, linali pa theka, ndiye sindikanati kontirola yachepetsa dala moto monga imachitira batire likakhuta.

Basi mtima unakwera. Ndinatumiza voisi noti ya mphindi zinayi kwa munthu amene anandigulitsa, mawu ake sindingawabwereze pano, koma mawu oti wakuba anamveka katatu. Akazi anga anangoti "Bambo, mwayamba mwakwera padenga kukaona?" ine nkuti padenga pali chani, ndinaika ndekha zimenezo ndipo ndinaika bwino. Mawu amenewa muwasunge.

Mawa lake ndinakwera ndithu, ndi ndowa, sopo wochapira ndi chikolopa, nthawi ya 12 masana. Osavala nsapato. Anthuni malata a masana si ocheza, ndimavina pamwamba paja ngati ndaponda linthumbu, ndipo mapanelowo analidi ndi fumbi loti utha kulembapo dzina, kuonjeza zitosi za mbalame pakona. Ndinathira madzi a sopo aja, thovu linatsetsereka pa malata, ndowa inatsata thovu, ndowayo pogwa inakankha makwerero, makwerero pansi phiii. Ndinakhala padenga pafupifupi ola lathunthu nditakhalira chikolopa kuti ndisapse, akazi anga atapita kokacheza, mwana wa aneba akungondibayibitsa.

Nditatsika ndinathamangira pa kontirola. 545. Mapazi onse matuza chifukwa cha mawati 45.

Apa mpomwe ndinaitana alamu anga, amene amagwira za magetsi. Choyamba anandikalipira za kutsuka masana, akuti galasi lotentha sulithira madzi ozizira, litha kung'aluka, utsuke mmamawa ndi madzi okha ndi nsanza yofewa, sopo amasiya utoto umene umagwiranso fumbi. Kenako anandiphwetsa pa 1600 yanga ija. Akuti "Alamu, nambala imeneyo amayezera kufakitale, kuwala kwa mawati 1000 pa sikweya mita, panelo litazizira pa madigiri 25. Padenga panupa masana limafika 60 kapena kuposa, ndipo digiri iliyonse yopitirira 25 imadya pafupifupi 0.35 peresenti. Mukaonjeza zotayika mmawaya, mukaona 1300 muzithokoza." Chabwino, koma 545 si 1300.

Anakwera, atavala nsapato iwo, nkundilozera mlongoti wa eriyo ya TV umene ndinauimika ndekha pambali pa mapanelo. Mthunzi wake unali woonda ngati ndodo, ukudutsa mmbali mwa panelo limodzi. Ine ndinaseka, ndati kamthunzi aka? Iwo akuti timaselo ta mu panelo tinalumikizidwa mondondozana ngati anthu opatsirana njerwa, mmodzi akafooka onse amayendera liwiro lake. Kuseri kwa panelo kuli madayodi atatu amene amalambalalitsa moto gawo lina likaphimbika, ndiye kamthunzi kaja kamazimitsa gawo limodzi mwa atatu a panelo lonse. Tinagwetsa mlongoti, nambala inalumpha kufika 650.

Ine ndinayamba kuwomba mmanja koma alamu ali duu, akungoyang'ana nambalayo. Akuti 650 ndi ya mapanelo awiri ndendende, enawo ali kuti?

Mapanelo anga ndinawalumikiza awiriawiri, awiri mondondozana kupanga mzere umodzi, ena awiri mzere wina, kenako mizere iwiriyo kukumana nkutsikira ku kontirola ija. Ndinawauza alamu monyada kuti ndinayeza kale mavoti pansi pa kontirola ndipo anali bwinobwino. Anandiyang'ana ngati mwana. Akuti mizere iwiri ikakumana chonchi, umodzi ukafa mavoti sasintha, wamoyo uja umaphimba manyazi a mnzake, chimene chimatsika ndi maampu. Ndiye anathimitsa buleka ya mapanelo kaye, ndipo apa anandigwira dzanja chifukwa ine ndinali nditayamba kale kukoka pulagi, akuti moto wa DC, umene mapanelo amatulutsa, ukamayenda sumasula cholumikizira, umathetheka ndipo suzima msanga ngati wa AC, wa magetsi wamba a mnyumba. Atamasula anayeza mzere uliwonse pawokha. Woyamba mavoti 67. Wachiwiri 67.

"Mwaona! Zonse zili bwino, ndi mapanelo abodza awa!" ndinakuwa ine.

Sanayankhe. Anabwezeretsa zonse, kuyatsa buleka, nkutulutsa mita ina ija yokhala ngati nkhanu, yongopana waya osadula, yoyeza maampu a DC. Anapana waya wa mzere woyamba, 11.4. Wa mzere wachiwiri, 0.3. Apa ndiye ndinaphunzira chinthu chimene chimandiwawabe, kuti cholumikizira chowola chimaonetsa mavoti onse ukayeza popanda chokoka moto, chifukwa mita imangofuna kamoto kochepetsetsa ndipo kamadutsa ngakhale pa kawaya kamodzi kotsala. Ukati moto weniweni udutse, njira palibe.

Tinathimitsanso nkuyamba kutsata waya wa mzere wachiwiri kunsi kwa mapanelo, alamu akugwedeza cholumikizira chilichonse. Chachitatu chinangotsala mmanja mwawo. Kacholumikizira kaja, kotchedwa MC4, kanali kofiirira, pulasitiki itafufuma ngati inawaukapo, kakununkha chopsa, ndipo waya anasololoka osakoka nkomwe. Mkati mwake timawaya tambiri tinali takuda titaduka, kachitsulo kali kophwanyika mopindika.

"Alamu, anafinya ichi ndani?"

Ndinayang'ana kumwamba, kenako kwa aneba.

"Anafinyira chani?"

Ndinati pulayala. Yomwe ija ya mmbokosi, yozulira misomali. Paja tsiku loika waya anaperewera ndiye ndinaonjezera wanga, ndipo chofinyira chenicheni cha MC4 ndinaona ngati ndi zongodyera anthu ndalama. Alamu akuti pulayala imangophwanya kachitsulo osakulunga waya mozungulira, pamatsala mpata, pampatapo pamatentha, kutenthako kumawoletsa waya, waya wowola amatenthanso kwambiri, mpaka zimene tinaonazo. Komanso mutu wa cholumikiziracho sindinamange mokwanira ndiye mvula imalowa. Anaonjeza kuti ena denga limapsa ndi zomwezi, ndipo ananena mokweza dala kuti achemwali awo amve pansi.

Anadula waya mpaka pamene mkuwa unali wowala, kuika ma MC4 atsopano mbali zonse ziwiri a mtundu umodzi, kufinya ndi chofinyira chawo, kukoka mwamphamvu kuti aone ngati wagwira, kulowetsa mpaka kumveka kuti thwa. Zina zitatu zimene ndinafinya ine anadulanso osafunsa. Titayatsa, nambala inakwera pang'onopang'ono nkukaima pa 1290.

Madzulo akazi anga anandibweretsera foni, atatsegula kale pa voisi noti ija. Munthu uja anali atayankha dzulo lake, ine osaona, mwaulemu wake wonse: "Pepani bwana, tayambani mwaona zolumikizira, amene anakuikirani mwina sanafinye bwino." Ndinajambula kupepesa kasanu ndikufufuta, akazi anga ali pambali akundikonza mawu, mapazi ali mu beseni la madzi. Pulayala ija mpaka lero sindikuiona, ndikafunsa amangoti ili pabwino.