Chanelo yathu ilibe nkhope, koma ili ndi mawu

Ine kamera ndimaiopa, ngakhale chithunzi cha gulu ndimabisala kumbuyo kwa anthu aatali. Nde mng'ono wanga atabwera ndi maganizo oti tiyambe chanelo ya YouTube yophunzitsa anthu Excel, ndinamuuza kuti iwe ukufuna ndife ndi manyazi eti. Iye nkuti ayi akulu, nkhope yanu sitikuifuna, tingofuna mawu anuwo ndi sikirini ya laputopu basi. Tinayamba choncho, ine kulemba ndi kuyankhula, iye kukonza masilaidi ndi kudula vidiyo.

Mavidiyo oyambirira ndinkachita zonse pakamodzi, kutsegula OBS Studio, pulogalamu yojambulira sikirini, kuyatsa maiki, nkumadina uku ndikufotokoza. Zinali zomvetsa chisoni. Dzanja likamasaka batani pakamwa pamangoti eee, eee, ndipo ndikalakwitsa fomula ndimayambiranso zonse. Titayang'ana mu YouTube Studio mzere wosonyeza pomwe anthu amasiyira kuonera, unkagwa chagada m'masekondi 30 oyamba, pomwe ine ndinkapereka moni wautali pa sikirini yosayenda. Munthu woonetsa nkhope akhoza kumwetulira anthu nkudikira, ife sikirini ikangoima ndiye kuti vidiyo yafa.

Nde tinatembenuza zinthu, mawu ndi amene amayamba. Tenga vidiyo yathu ya VLOOKUP, fomula ya Excel yosakira zinthu mu tebulo. Ndinalemba kaye zonse zoti ndinene, chiganizo chilichonse nkuika pambali pake chimene chizioneka nthawi imeneyo, apa silaidi, apa kudina selo, apa kukuza. Chiganizo chopanda choonetsa ndinkachifufuta, olo chikhale chokoma bwanji. Kenako ndinajambula mawu okha mu Audacity, maiki ili kutali ndi pakamwa ngati chikhatho chimodzi komanso chammbali pang'ono kuti "p" ndi "b" asamaphulike. Ndikalakwitsa sindiimitsa, ndimangowomba m'manja kamodzi nkubwereza chiganizocho, phokosolo limaoneka ngati mzere wautali pa mafunde a mawu aja nde podula sitivutika kusaka.

Kanthu kena kamene ndinakadziwa mochedwa, ndimasiya masekondi 5 ndili chete ndisanayambe kuyankhula. Kagawo kameneko ndimakasankha, nkupita pa Noise Reduction, kudina Get Noise Profile, kenako nkusankha mawu onse nkuchotsa phokoso la fani ya laputopu. Koma osakokomeza, ukachotsa kwambiri mawu amamveka ngati ukuyankhulira pansi pa madzi. Komanso chipinda chopanda kanthu chimabweza mawu ndipo zimenezo Noise Reduction sachotsa, ine ndimajambulira pafupi ndi zovala zopachika, ooneka ngati wopenga koma ndani akundiona.

Mawu akatha ndi pamene ndimavala mahedifoni, nkumadzimvera ndekha uku ndikudina pa sikirini motsatira. Ndikamva "lembani fomula iyi" ndimalemba

```
=VLOOKUP(A2,D:E,2,FALSE)
```

pang'onopang'ono, nkudikira kaye kuti woonera aiwerenge. Timajambula pa 1920x1080, mafelemu 30 pa sekondi, koma Excel ndimaikuza kufika 150% kapena kuposa chifukwa anthu ambiri amaonera pa foni, zilembo zimene pa laputopu zikuoneka bwino pa foni zimakhala nyerere. Masilaidi timangoika pomwe sikirini singafotokoze, ngati kusonyeza kuti fomulayi imasaka mu kolamu yoyamba yokha ya makolamu amene waipatsa nkubweza zakumanja. Silaidi imodzi mfundo imodzi basi.

Zopweteka zinachitikapo ziwiri. Tsiku lina laputopu inazima ndili pakati pojambula ndipo fayilo ya MP4 inakana kutseguka, ntchito yonse kupita. Pano OBS timaiika kuti izisunga fayilo ngati MKV, ikazima zomwe wajambula zimatsala, kenako timasintha kukhala MP4 pa Remux Recordings. China, uthenga wa kasitomala unatulukira pakona ya sikirini dzina lake lili poyera, mwamwayi mng'ono wanga anauona tisanaike. Nkhope mwabisa inde, koma sikirini imaulula zambiri kuposa nkhope, nde ndimatseka mauthenga onse ndi matabu ndisanadine Start Recording.

Za ndalama, kuti YouTube iyambe kukugawira ya malonda imafuna otsatira 1,000 ndi maola 4,000 oonera m'miyezi 12, ndipo chanelo zongobwereza zinthu za eni kapena mavidiyo ofanana ngati opangidwa pa chikombole amazikana. Ife sitinadikire zimenezo, ndalama yoyamba inachokera kwa woonera wina amene anatilembera kuti timukonzere shiti yowerengera katundu wa mu bizinesi yake. Pa foni anangoti ndakuzindikirani mawu, nkhope yanga mpaka lero saidziwa. Sabata ino tikujambula ya XLOOKUP, zolemba zatha, kwatsala kudikira kunja kuti zii.