Mphindi 75 zimene anandilamula kuti ndizifinye zikhale 25

Sabata yathayi ndinali ku Dedza kuphunzitsa alangizi a m'mudzi 30 amene amayendera magulu a banki mkhonde. Lolemba ndi Lachiwiri zinayenda monga mwa masiku onse: malamulo a gulu, kusankha komiti, bokosi la maloko atatu, kugula masheya kuyambira imodzi mpaka asanu pa msonkhano, kudinda m'pasibuku, ngongole yosapitirira katatu pa zimene munthu wasunga. Anzanga a ntchitoyi mukuzidziwa, sindikutayitsani nazo nthawi. Chimene chandikhala pamtima ndi Lachitatu, tsiku la phunziro la kugawana ndalama pakutha pa chaka.

Phunziro limeneli ndinalilembera ndondomeko yake mawu ndi mawu, ndipo pambali pa gawo lililonse pali mphindi zake. Zonse pamodzi ndi mphindi 75. Anthu amakhala m'magulu asanu ndi limodzi, gulu lililonse anthu asanu, ndipo gulu lililonse limalandira envelopu. Mu envelopumo muli mapasibuku asanu ongoyerekezera, ndalama zapepala zokwana K260,000, kathumba kena kapadera ka K15,000 kolembedwa kuti thumba la zadzidzidzi, ndi kalikuleta. Sheya imodzi ndi K1,000. Mapasibukuwo ali ndi masheya 40, 55, 30, 62 ndi 23, ndipo ya masheya 23 ili ndi ngongole ya K10,000 imene sinabwezedwe. Ngongoleyo ndinaiikamo dala.

Mphindi 7 zoyambirira palibe amene amadzuka pampando, ndipo envelopu zimakhala zili m'chikwama changa. Munthu akangogwira ndalama, ngakhale zapepala, makutu amatsekeka, ndiye malangizo amayenera kutha manja ali opanda kanthu. Mawu ake ndimawanena monga ndinawalembera:

"Amayi ndi abambo, lero ndinu gulu limene latha chaka ndipo mukugawana. Muchita zinthu zinayi motsatizana. Choyamba, werengani ndalama zonse za m'bokosi mokweza, aliyense akumva. Chachiwiri, onani pasibuku iliyonse ngati ili ndi ngongole, muikonze, kenako muphatikize masheya onse. Chachitatu, pezani mtengo wa sheya imodzi. Chachinayi, mupatse aliyense zake. Ndikawomba m'manja katatu, siyani chimene mukuchita, mundiyang'ane."

Ndikatha sindifunsa kuti "mwamva?", chifukwa holo yonse imayankha "eee" ngakhale theka silinamve. Ndondomeko imati ndiloze munthu wa kumbuyo ndimupemphe kuti: "Mayi, tatiuzani, mukafika pagulu muyamba ndi chiyani?" Wina anene chachiwiri, wina chachitatu. Zikatero ndi pamene amawerenga manambala kuyambira 1 mpaka 6, amayamba kusuntha mipando ndi kulandira envelopu, ndipo zimenezi zokha zimadya mphindi 5. Amene amalemba ndondomeko ali muofesi amaiwala kuti anthu 30 kunyamula mabenchi, agogo ena kufunafuna magalasi, ndi nthawinso.

Kuwerenga ndalama ndinakupatsa mphindi 10, popeza owerenga amakhala awiri ndipo wachiwiri amabwereza zimene woyamba wapeza, monga zimakhalira pa msonkhano weniweni. Gawo la masheya ndi ngongole ndi mphindi 15, ndipo ndi pamene pagona phunziro lonse. Apa ine sindilankhula. Ndimazungulira, kumvetsera, ndipo gulu likakangana ndimalisiya likangane. Mayi wa masheya 23 uja alibe ndalama yobwezera, choncho gulu liyenera kufufuta masheya 10 m'pasibuku mwake, a K1,000 iliyonse, kuti atseke ngongole ya K10,000. Amatsala ndi 13, ndipo masheya a gulu lonse amatsika kuchoka pa 210 kufika pa 200. Pakatsala mphindi ziwiri ndimachenjeza: "Zatsala mphindi ziwiri, mlembi alembe nambala ya masheya onse papepala lalikulu." Kenako mphindi 10 zogawa ndi kuchulukitsa: K260,000 kugawa ndi 200, sheya imodzi yafika pa K1,300. Wa masheya 40 atenga K52,000, wa 62 atenga K80,600, mayi wangongole uja atenga K16,900. Mphindi 8 ndi zopereka ndalamazo m'manja mwa eni ake, ndipo ngati masamu ali bwino patebulo sipatsala kanthu kupatula kathumba ka zadzidzidzi. Mphindi 20 zomaliza ndi zoti tonse tikambirane.

Manambala amenewa ndinawasankha kuti yankho lolakwika lindiuze pamene gulu lapunthwa popanda kufunsa. Ndikaona K1,238 ndi timanambala totsalira, ndimadziwa kuti sanafufute masheya a wangongole, agawa ndi 210, ndipo mayi uja watenga ndalama zoposa K28,000 zimene zina mwa izo ndi za anzake. Ndikaona K1,375, athira thumba la zadzidzidzi mu ndalama zogawana, pamene ilo ndi la matenda ndi maliro ndipo limawerengedwa palokha. Ndikaona aliyense wanyamula K52,000, ndiye kuti agawana mofanana ngati ndiwo za pa ukwati, osaona kuti wina anasunga zambiri.

Tsono Lachitatu m'mawa, anthu akumwa tiyi, foni inalira. Anali abwana a pulojekiti. Akuti kukubwera mlendo wochokera ku likulu 10 koloko, adzalankhula ndi kujambulitsa ndi ophunzira, ndiye "kasewero kanu kaja mukachepetse, mphindi 25 zikwana, zinazo mungowafotokozera pa bolodi." Ndinawayankha kuti bwana, si kasewero, ndi chinthu chimene anthuwa akachite okha kumudzi pa ndalama zenizeni. Anati pulogalamu yavomerezedwa kale.

Ndisanapume n'komwe, ndinatsegula katoni yochokera ku ofesi n'kupeza envelopu zitatu m'malo mwa zisanu ndi imodzi. Inki ya makina osindikizira inatha Lachisanu, ndipo palibe anandiuza. Makalikuleta anabwera awiri. Gulu la anthu asanu linakhala la anthu khumi, ndipo pa gulu la khumi mukudziwa zimene zimachitika: atatu amaweramira patebulo, ena onse amaima kumbuyo manja ali kumsana. Amene amaima kumbuyowo nthawi zambiri ndi amayi achikulire amene masamu amawaopsa, omwenso phunziroli ndinalikonzera.

Tinaimitsa zonse 10 koloko kudikira mlendo. Anafika nthawi itapitirira 11. Nthawi imene tinakhala tikuyang'ana pakhomo inali yokwana kuchita phunziro lonse mosathamanga, koma ndinaletsedwa kuyamba poopa kuti mlendo angapeze mipando itabalalika. Atalankhula ndi kujambulitsa, ndinatsala ndi mphindi zosakwana 30 nsima isanafike. Malangizo ndinawanena kamodzi, kubwereza kuja panalibe, kuwerenga ndalama kawiri panalibe. Tili mkati mwa gawo la ngongole, chitseko chinatseguka, wa zachuma analowa ndi mafomu a alawansi n'kuyamba kuitana mayina mokweza chifukwa galimoto imabwerera nthawi yomweyo. Sindikuwada ophunzira amene anadzuka. Ena anakongola ndalama ya kabaza kuti afike, ndipo alawansiyo ndi yawo. Koma mlembi wa gulu lina anachoka cholembera chili m'manja, masheya atawerenga theka.

Magulu atatu anabweretsa mayankho atatu: K1,238, K1,375, ndipo lachitatu linangogawana mofanana kuti lithane nazo. Palibe limene linapeza K1,300. Mphindi 20 zokambirana, zimene zikanasandutsa zolakwazo kukhala phunziro, zinali zitapita. Ndinalemba yankho pa bolodi, anthu anakopera m'makope, n'kupita kukasamba m'manja.

Mayi wina wachikulire, amene amayendera magulu anayi kwawo, anatsalira. Anandionetsa kope lake mmene analemba 1,300 mooneka bwino, n'kunena chapansipansi kuti: "Aphunzitsi, nambalayi ndalemba, koma sindikudziwa kumene yachokera. Magulu anga akugawana mu Disembala. Wangongole akadzakana kuti masheya ake asafufutidwe, ine ndidzayankha chiyani?" Ndinakwiya kwambiri, ndipo mpaka pano mtima sunatsike. Tsiku logawana ndi limene magulu amapasuka. Mlangizi akasokoneza masamu pamaso pa anthu amene asunga chaka chonse kuti agule feteleza, palibe amene amati walakwitsa, amati waba, ndipo mayiyo amakhala m'mudzi momwemo, amatunga madzi pa mjigo womwewo.

Usiku umenewo ndinagula mapepala ndi ndalama zanga, ndinadula ndi kulemba pamanja envelopu zitatu zotsalazo, ndipo mnzanga wotsogolera naye anandithandiza kujambula mapasibuku ndi lula. Makalikuleta tinagwiritsa ntchito a m'mafoni. Lachinayi ndinapempha ophunzira kuti tiyambe 7:30, ndipo anafika onse. Tinachita mphindi 75 zathunthu. Magulu anayi anapeza K1,300, limodzi linagwa pa ngongole, lina pa thumba la zadzidzidzi, ndipo zimenezo n'zimene ndimafuna, chifukwa kukambirana kumayambira pamenepo. Ndondomeko yanga imati ndisayambe ndi amene akhoza. Ndimati: "Gulu la K1,238, tationetseni njira imene mwadutsa, ena tonse timvetsere kaye." Akufotokoza, mnyamata wa gulu lomwelo anadzigwira pakamwa n'kunena yekha kuti aiwala ngongole. Funso lomaliza limene ndinalemba ndi lakuti: "Mukanakhala inu mwini masheya 23, mukanafuna kuti gulu likuuzeni liti za kufufuta masheya?" Anagwirizana okha kuti lamulolo lilembedwe m'malamulo a gulu pachiyambi, ndipo lizikumbutsidwa miyezi iwiri kugawana kusanafike, ngongole zatsopano zikamaimitsidwa. Mayi wachikulire uja ndi amene anagwira foni pa gulu lake, ndipo anachulukitsa 62 ndi 1,300 kawiri kuti atsimikize.

Mtengo wake unali wakuti gawo la kasungidwe ka kaundula linapanikizika, ndipo Lachisanu tinathamanga ndi mapulani a kumudzi, mayeso omaliza ndi masatifiketi. Chimene chinandipweteka polemba lipoti n'chakuti fomu yake imangofunsa kuti anabwera angati, amuna angati, akazi angati, ndi kuchonga mitu imene yaphunzitsidwa. Ndikanasiya zinthu mmene zinalili Lachitatu, ndikanachonga "kugawana ndalama" ndipo palibe akanadziwa kuti anthu 30 abwerera kwawo osatha kugawa.

M'lipotimo ndawonjezera tsamba langa. Ndalembamo kuti mlendo azipatsidwa nthawi yotsegulira kapena yotsekera, ndipo akachedwa apeze tikugwira ntchito. Ndalembamo kuti alawansi iziperekedwa tikaweruka, ndi kuti katoni ya zipangizo ndiziitsegula ndekha ku ofesi galimoto isananyamuke. Ndalembamonso kuti wofuna kudula mphindi pa ndondomeko azindiuza gawo lenileni limene akufuna lichoke, kaya ndi kuwerenga ndalama kawiri, kaya ndi ngongole, kaya ndi kukambirana, ndipo asaine dzina lake pambali pake. Maphunziro ena ngati omwewa ali mwezi wamawa, ndipo yankho la abwana sindinalandire.