Tsiku limene netiweki inathawa pa foni yanga yokha

Ndimagula soya ndi mtedza pa Kamwendo, ndipo nthawi yokolola mpamba wanga wonse umagona mu foni. N'chifukwa chake chaka chino ndinakhala pansi kuti ndiutchinjirize.

Ndinayamba ndi pini. Yakale inali chaka changa chobadwa, chomwe chili poyera pa chitupa cha unzika, ndipo chitupacho anthu ambiri anachijambulapo kale. Ndinasankha manambala anayi osatsatana, osakhudzana ndi tsiku lililonse la pabanja pathu, ndipo sindinawalembe paliponse. Kenako ndinalowa mu Settings, n'kuyatsa App lock pa apu ya ndalama ndi pa mameseji, kuti zizitseguka ndi chala changa chokha.

Koma loko ameneyu ali ndi malire ake. Wakuba akachotsa simu n'kuiika mu kafoni ka mabatani, *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba imayimbika bwinobwino. Choncho ndinayatsanso SIM card lock, kuti simu izifunsa nambala yakeyake foni ikangoyatsidwa. Apa musamayerekeze manambala: mukalakwitsa katatu simu imatsekeka mpaka mutalowetsa PUK, nambala yotsegulira simu yochokera kukampani ya mafoni.

Zimene maloko awiriwa sangaletse n'zimene zinandipeza mu Juni. Bambo wina anandiimbira, waulemu wake, akuti ndi wa kukampani ya mafoni ndipo nambala yanga itsekedwa ndikapanda kuitsimikizira. Dzina langa ankalidziwa lonse. Ndinamuwerengera nambala ya chitupa, koma atafika pofunsa pini mtima unandigunda, ndinadula.

Mawa lake cha m'ma 10 koloko, ndili pa sikelo, foni inalemba kuti Emergency calls only. Kuno ku Mchinji zotere sitidabwa nazo, netiweki imabwera n'kupita. Ndinazimitsa n'kuyatsanso, osasintha. Mnyamata wondinyamulira matumba ali pa kampani yomweyo, ndipo yake inali yodzaza. Ndinamuuza kuti, "Iwe, tandiimbire." Kukhutu kwake inkaitana, pamene yanga ili m'manja, zii. Pamenepo ndinadziwa kuti nambala yanga yasamutsidwira pa simu ina, ndipo mameseji onse, ngakhale manambala achinsinsi ochokera kubanki, akupita kwa munthu wina.

Ndinabwereka foni yomweyo n'kuimbira kampani kuti atseke nambala ndi akaunti, kenako banki. Sikelo ndinasiyira mlamu wanga, n'kukwera minibasi ya ku Boma chitupa chili m'thumba. A ku ofesi ya kampaniyo atatsimikiza kuti ndine mwini nambala anandipatsa simu yatsopano, ndipo ndinasintha pini ndisanatuluke pakhomo.

Mu akaunti munali K640,000, yonse yosakhudzidwa. Nambala anaitenga, koma pini analibe. Ikanakhala yakale ija, akanangoiwerenga pa chitupa. Nkhaniyi ndinakaisiya kupolisi madzulo omwewo, pamodzi ndi nambala imene inandiimbira.